Madziabwera

Ndalama zinali zitapita kale pamene mtima unandigunda. Anali madzulo a mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kuda chakumapiri a Ntcheu, ndipo ndinali chiimire pa kabenchi ka ejenti pafupi ndi depoti ya mabasi ku Balaka, kutumiza kangachepe kogulira mbewu kwa amalume anga kwa Mposa. Nambala ndinaiwerenga kawiri mtsikana wa pabenchipo asanadine. Koma uthenga utalowa, dzina limene linatuluka pafoni linali la munthu amene sindinamumvepo chibadwire: mayina awiri oimirira bwinobwino, ngati a kalaliki wa kukhoti. Ndinamuuza mtsikanayo kuti walakwitsa. Iye anangondionetsa nambala ija osayankhula kanthu, ndipo inali yomweyo. Ndinaimba manja akunjenjemera. Foni itayankhidwa ndinamva kaphokoso ka mphepo ya kunyanja, kenako mawu awo aja okhuthala: "Aphunzitsi, zafika. Mulungu akuonjezereni." Ndinawawerengera dzina lija n'kufunsa kuti, "Amalume, ameneyu ndiye ndani?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo ndi wa boma," anatero. "Ndi amene amandisungira ndalama."

Nanenso ndinaseka, koma kuseka kwanga sikunafike kunyumba. Ndikupalasa njinga kudutsa njanji, nkhaniyo inayamba kundikanda. Bambo amene anandinyamula paphewa kukaona mabwato, amene anakhala kutsogolo pa ukwati wanga monga nkhoswe, ndinali nditatha zaka zoposa makumi anayi osadziwa dzina limene dziko limawadziwa nalo. Akanandiimbira a kuchipatala usiku n'kutchula dzina limenelo, ndikanati mwaimba nambala yolakwika, n'kugonanso. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ine ndi mphunzitsi. M'mawa uliwonse ndimatsegula kaundula n'kuitana ana mmodzimmodzi, ndipo mwana akandiuza dzina limene amamuitanira kwawo ndimamudula: "Ayi, ndikufuna dzina lako lenileni." Mawu akuti lenileni ndakhala ndikuwatchula osawalawa. Tsiku limenelo anandiwawa m'kamwa. Kwa ine amalume ndi Che Madzi, ndipo kuyambira kudoko kwa Mposa mpaka kumsika wa Ntaja ukafunsa Che Madzi aliyense akulozera njira. Ukafunsa dzina la pafoni lija, anthu akuyang'ana ngati wabwera kudzatolera ngongole. Nanga lenileni ndi liti?

Usiku umenewo ndinayamba kuwerenga mayina awo pa zala, ndipo dzanja limodzi linatsala pang'ono kuchepa. Loyamba sindingalilembe pano, osati chifukwa sindikulidziwa. Ndinalimva kamodzi kokha, agogo atakalamba mpaka kuyamba kusokoneza masiku. Amalume analowa m'nyumba atanyamula thumba la ufa, ndipo agogo anawaitana ndi kadzina kena kafupi, kofewa, ka mwana woyamwa. Nyumba yonse inangoti zii. Mayi anga anayang'ana pansi, amalume anatula thumba n'kuyankha ngati sanamve bwino, ndipo palibe amene anadzaitchulanso nkhaniyo. Limenelo ndi dzina la paubwana, limene mnyamata wa Chiyao amalisiya kundagala. Mwezi wa Ogasiti, zokolola zili m'nkhokwe, ng'oma za manganje zikalira ndipo anyamata akapita ku jando, amabwerako ali ndi dzina lina. Kuyambira pamenepo, kumuitana ndi lakale kuli ngati kumuvula pagulu, ndipo wochita dala zimenezi ukhoza kumuthera mlandu kwa amfumu. Ndili mwana ndinkaona ngati ndi mwambo chabe. Lero ndikuona kuti muli ganizo lalikulu: munthu sakhala yemweyo moyo wake wonse, choncho dzina limodzi silingamukwane. Kamwana kaja kanatha ntchito yake, ndipo dzina lake linaikidwa pamodzi nako. Ndi mayi yekha, nayenso nzeru zitayamba kuthawa, amene angakadzutse.

Ndikaganiza bwino, kwathu ulemu wonse ndi luso lozungulira dzina osaligunda. Mayi anga anakalamba akuitanidwa kuti Abiti uje, kutanthauza mwana wamkazi wa uje, dzina la bambo awo likubwera pambuyo. Nditabadwa ine anakhalanso amake a ine, ndipo bambo anga mpaka tsiku lomwalira sanawaitanepo ndi dzina lina pamaso pathu. Kuchimuna kwathu, kufupi ndi Utale, kumene magazi a Angoni a ku Ntcheu anasakanikirana ndi a eni nthaka, njira yozungulira inali ina. Agogo a kumeneko anali a Nangozo, ndipo mlendo akatha kudya sankangoti zikomo n'kusamba m'manja. Ankawomba m'manja pang'onopang'ono n'kuthokoza potchula chiwongo, ndipo ndinkaona nkhope ya agogo ikuwala ngati apatsidwa nsalu yatsopano. Dzina lotero si lako wekha. Amene akukuthokoza nalo akuthokoza anthu onse amene anadutsa m'dzinamo iwe usanabadwe, ndipo iwe umangolilandira m'malo mwawo. Apa m'pamene ndinayamba kuona kusiyana koyamba. Dzina lililonse la kumudzi lili ndi khomo lake: pali amene aloledwa kulitchula, pali nthawi yake, pali kakhalidwe ka thupi polinena. La pachiphaso lilibe khomo. Mnyamata wa zaka makumi awiri wokhala kuseri kwa windo akhoza kulifuula pamzere, osagwada, osaikapo ngakhale "a" kutsogolo, ndipo nkhalamba imadzuka n'kupita.

Nditapita kwa Mposa pa tchuthi cha Khirisimasi ndinawapempha amalume chiphaso chawo, ndipo anakachitulutsa m'kapepala ka pulasitiki kamene amasungiramo makadi a kusikelo a zidzukulu. Anachitenga pa kalembera wa unzika wa mu 2017, pamene aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo ankaima pamzere kujambulitsa nkhope ndi kudinda zala. Anandifotokozera mmene dzinalo linapangidwira, ndipo linali ngati nyumba yomangidwa ndi njerwa zotola. Loyamba ndi la Chisilamu limene anawapatsa ashehe, koma kalembedwe kake n'ka kalaliki wa pa esiteti ina ya fodya kumene anakagwira ntchito ali mnyamata. Kalalikiyo analemba mmene khutu lake linamvera, n'kusiya chilembo chimodzi panjira. Kuchoka m'buku la malipiro dzinalo linalowa pa chiphaso chovotera, ndipo kuchoka pamenepo linalowa pa cha unzika, chifukwa pepala limakhulupirira pepala linzake kuposa pakamwa pa mwiniwake. Lachiwiri ndilo linandidabwitsa. Fomu imafuna dzina la banja, ndipo anthu ambiri kwathu amangoikapo dzina loyamba la bambo awo. Koma ife timatsata kuchikazi. Bambo awo a amalume anali mkamwini amene anachoka pamudzi iwo asanayambe kuvala kabudula, ndipo amene anawalera, kuwapititsa ku jando ndi kuwaphunzitsa kuponya ukonde anali amalume awo. Ameneyo pachiphaso palibepo. Palipo munthu amene nkhope yake sakuikumbuka. Palibe amene ananama, ndipo palibe amene analakwitsa dala. Kungoti mabokosi a pafomu anabwera ndi maganizo awo a mmene banja limakhalira, ndipo mbumba yathu inachita kupindidwa kuti ilowemo.

Dzina la Che Madzi ndilo ndinaliona likubadwa ndi maso anga. Munali mu 1995, chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma. Amene sanaone sangamvetse. Chilwa ndi nyanja yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana dzuwa limangoimwa. Chaka chimenecho madzi anathawa doko, n'kuthawanso, mpaka pamene tinkasambira panasanduka dothi long'aluka lokhala ndi mchere woyera pamwamba. Anthu ankayenda pansi ndi kupalasa njinga pamene kale pankadutsa mabwato. Zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pakati pa njedza, zinangotsala njo ngati nkhokwe zopanda chimanga. Matemba anasowa, makumba anasowa, ndipo amuna anayamba kubalalika: ena ku Chiuta, ena ku Malombe, ena kukaotcha makala kumapiri, ena kuwoloka malire kupita ku Mozambique. Makoka ankagulitsidwa pa mtengo wa thumba la chimanga, ndipo mabwato ena anawazidwa nkhuni. Amalume anakana. Bwato lawo analikokera pansi pa mtengo, n'kulifunditsa njedza, ndipo m'mawa uliwonse ankatunga madzi pachitsime n'kumalithira kuti lisang'ambike ndi dzuwa. Tangoganizani bambo wa ana asanu, m'chaka cha njala, akuthirira bwato ngati dimba. Aliyense wowafunsa ankamuyankha mawu awiri omwewo: "Madzi abwera." Wogula akabwera ndi ndalama m'manja, madzi abwera. Akazi awo akaloza mphika wopanda kanthu, madzi abwera.

Sindikudziwa mmene ena amakumbukira, koma ine ndikukumbuka pa bawo, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kagolosale. Amalume ankadutsa atasenza ndowa, ndipo mmodzi wa osewerawo, osadzutsa n'komwe mutu, anangoti, "Uyo Madziabwera akukamwetsa ng'ombe yake." Anthu anagwa nako kuseka. Pofika Lachisanu, dzinalo linali litafika kumzikiti, ndipo sabata yotsatira ana ankalifuula ali m'tchire. Amalume anakwiya, anathamangitsa ana ndi chikoti, anakadandaula kwa amfumu. Kumeneko kunali kulithira manyowa. Chinenero chathu chili ndi chizolowezi chimenechi kuyambira kale, chotenga zimene munthu amanena kapena kuchita n'kumuveka ngati chipewa. M'miyambi mwadzaza anthu otere: Safunsa amene anadya phula, Kandimverere amene anakanena za m'maluwa. Amenewa si mayina ochokera kwa makolo. Ndi ziganizo zimene zinaumitsidwa n'kukhala munthu. Ndipo ndikayang'ana mmene la amalume linagwirira, ndikuona kuti panafunika zinthu zingapo kuti lisafe tsiku lomwelo. Panafunika khalidwe lobwerezabwereza, loti aliyense waliona. Panafunika mboni zambiri pamalo amodzi, chifukwa dzina lotere silibadwira m'chipinda. Panafunika pakamwa pakuthwa pa munthu mmodzi, amene mawa lake aliyense anamuiwala. Ndipo panafunika kuti mwiniwake limupweteke. Munthu akaseka nawo, nthawi zambiri dzina limafota. Akalusa, anthu amadziwa kuti muvi walasa pamene pali nyama.

Chimene osekawo sankachiganizira n'chakuti amalume sankalota. Ali kamnyamata, mu 1968, anaiona nyanja yomweyo itauma, ndipo anaionanso ikubwerera. Amalume awo anawaonetsa maiwe a m'mitsinje ngati Domasi mmene nsomba zimabisala madzi akathawa, ndi matope a m'madambo mmene milamba imapirira mpaka mvula. Ankadziwa kuti bwato losema silipezeka msanga, chifukwa mitengo ikuluikulu inali itayamba kale kusowa. Wamisala anaona nkhondo. Mvula itabwera bwino, dzinja limodzi ndi linzake, nyanja inayamba kukwawa kubwerera kudoko, ndipo pofika 1997 nsomba zinali zitayambanso kugwidwa. Pa gombe lathu mabwato amoyo anali owerengeka, ndipo limodzi linali lija lothiriridwa. Amene ankaseka pa bawo anayamba kubwera m'mamawa kudzapempha malo m'bwatomo. Apa m'pamene panachitika chinthu chimene ndachimvetsa posachedwapa. Dzinalo silinasinthe chilembo ngakhale chimodzi, koma linasintha kamvekedwe. Nenani nokha mokweza. Mukakweza mawu pa "a" woyamba wa abwera, mukunena za madzi amene sanafike, lonjezo la munthu wouma mutu. Mukawatsitsa, mukunena kuti afika, ali pano, taonani. Anthu anayamba kuwalonjera ndi kamvekedwe kachiwiri kaja, dzanja lili pachifuwa. Kenako wina anaikapo Che kutsogolo, ndipo poti dzina lalitali limalemera pakamwa, linadulidwa n'kukhala Che Madzi. Chitonzo chinasanduka chitamando popanda msonkhano, popanda kalata. Ndikalemba papepala, Madziabwera wonyoza ndi Madziabwera wolemekeza amaoneka chimodzimodzi. Mbiri yonse ya bamboyo ili m'kamvekedwe kamene cholembera sichingagwire.

Ndikanakonda kuimira pamenepa, n'kunena kuti dzina la anthu ndi lamoyo ndipo la boma ndi lakufa. Koma ndikatero ndinama, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. La amalume linatembenuka chifukwa mvula inagwa. Ikanapanda kugwa chaka china, akanafa ali chiseko cha mudzi, ndipo ana awo akanalowa m'chisekocho. Mayina ambiri opatsidwa ndi anthu satembenuka. Tili ku pulayimale tinali ndi mnzathu amene mwendo wake umodzi unali waufupi, ndipo tinamupatsa dzina lotsanzira kayendedwe kake. Sindililemba, ngakhale kuti mwa onse ndine ndinkalitchula mokometsera. Iye sanachite kanthu kuti alipate. Silinachokere pa mawu ake kapena pa khalidwe lake, koma pa chinthu chimene sakanachisintha ngakhale atathira madzi zaka khumi. Ndinakumana naye zaka zapitazo ku Liwonde, ali ndi shopu yake, ndipo dzina lachipongwe lija ndi limene linafika msanga pa lilime langa. Lenilenilo, inde ndabwerezanso mawu aja, ndinachita kulisaka. Pamenepo ndinazindikira kuti kwa mwana ameneyo, mphindi imodzi yokha pa tsiku imene ankakhala munthu wathunthu inali ya m'mawa, aphunzitsi akamaitana mayina m'kaundula. Kaundula sankadziwa za mwendo wake. Kusadziwa komweko kumene ndinkakudandaula pa benchi ya ejenti, kwa iye kunali mthunzi. Dzina la pachiphaso silikukonda, koma silikusekanso. Limamuitana wolemera ndi wosauka ndi mawu amodzi, ndipo mayi wamasiye akafuna kutenga zimene mwamuna wake anasiya kubanki, si dzina la pa bawo limene limamuimira.

Mwina n'chifukwa chake ndimachita chidwi ndi anthu otchuka a kuno kwathu, amene mayina awo awiri amayenda poyera mbali ndi mbali. Lucius Banda, mwana wa kwa Sosola konkuno ku Balaka, anali phungu wa Nyumba ya Malamulo ndipo kumeneko ankaitanidwa ndi dzina la m'mabuku. Koma uthenga utafika pa 30 Juni 2024 kuti watisiya ali ku chipatala ku South Africa, pamsika wa Balaka sindinamve munthu akutchula mayina awiriwo. Aliyense ankangoti Soja wapita. Sanali msilikali wa mfuti. Dzinalo linamera pa nyimbo zake zoyankhulira amphawi, ndipo anthu analisunga chifukwa ankaona kuti likumukwana. A Bakili Muluzi, ochokera kwa Kapoloma ku Machinga, analamulira dziko kuyambira 1994 mpaka 2004, koma pakamwa pa anthu ndi Atcheya, dzina lochokera pa mpando wa wapampando wa chipani. Mpandowo anausiya kalekale, dzina linakana kutsika. Ndipo limatchulidwa ndi owakonda ndi osawakonda omwe, aliyense ndi kamvekedwe kake. Ndikayerekeza ndi Ngwazi wa ubwana wathu, ndimaona kusiyana. Nalonso linali dzina lotamanda, la munthu wolimba mtima wogonjetsa adani. Koma m'masiku a Kamuzu linalowa m'ndandanda wa maudindo umene tinkaloweza kusukulu, ndipo ukalidumpha pagulu unkayang'ana kumbuyo. Chitamando chimene sungathe kuchikana chasiya kukhala mphatso. Chasanduka dzina la pachiphaso lovala nthenga. Muyeso wake ndi wapafupi: mverani zimene anthu amamutcha munthuyo iye palibe, pamene palibe chopempha ndipo palibe choopa.

Komabe malire a mitundu iwiriyi si olimba monga ndinkaganizira poyamba, ndipo kaundula wanga yemwe ndiye mboni. Ndikamaitana mayina a makolo a ana anga a m'kalasi, ndimadutsa pa Supuni, Foloko, Sitima, Buleki, Kabichi. Palibe mzimu wa makolo umene unatchedwa Foloko. Ameneyo anali munthu wina wake, mwina wophika kwa mzungu ku Zomba kapena wobwera ku Joni ndi katundu wachilendo, amene anzake anamuveka dzina pa tsiku lina loseka. Mwana wake atapita kusukulu ya mishoni n'kufunsidwa dzina la bambo, anatchula limene ankalimva tsiku ndi tsiku, ndipo inki itauma nthabwala ija inakhala mtundu. Mayina ambiri amene timawatcha enieni ndi nthabwala zimene oziseka anamwalira. Kumbali ina kuli mayina aufumu. Kawinga, Liwonde, Kalembo, Nsamala: aliyense mwa amenewa anayamba ndi munthu mmodzi, koma lero ndi dzina limene munthu amalowa, monga timanenera kuti walowa dzina. Wolowayo amavula lake pakhomo, ndipo ngakhale amene anasewera naye mpira wachikulunga amayamba kumuitana ndi la mpandowo. La Liwonde linapitirira n'kukhala tauni ya m'mbali mwa Shire, moti mwana wa lero akamva Liwonde amaganiza za mlatho ndi nsomba zouma asanaganize za mfumu. Ngakhale boma lathuli lili ndi dzina la paubwana. Agogo mpaka kumwalira ankati akupita ku Kasupe, pamene mapepala anali atayamba kale kunena kuti Machinga, ndipo ife a ku Balaka tinali a Machinga yemweyo mpaka 1998. Dzina limayamba pakamwa, limauma papepala, ndipo pansi pa louma lija pamamera lina.

Mu 2018 nyanja inathawanso, mbali yaikulu n'kukhala dothi. Ndinapita kukawaona amalume nthawi imeneyo, kale ndisanadziwe za munthu wa boma amene amawasungira ndalama. Bwato lakale lija linali litawola, ndipo limene anali nalo linali la matabwa, loyendetsa ana awo. Tinakhala pansi pa mtengo womwe uja, ndipo anyamata a kabaza ankadutsa pa njira imene inali itatseguka pakati pa nyanja, aliyense akukweza dzanja: "Che Madzi!" Ndinamuimitsa mmodzi amene ndinamuphunzitsapo, n'kumufunsa ngati akudziwa chifukwa chake agogowa amatchedwa choncho. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa funso la mayeso losavuta kwambiri. "Si asodzi? Moyo wawo wonse ndi pamadzi." Amalume anangomwetulira osamukonza. Mnyamatayo atapita ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka kuti nkhani yonse ija, ndowa, njedza, chiseko cha pa bawo, yatha choncho. Anakhala chete kanthawi akuyang'ana kumene kunali nyanja. "Amene ankandiseka anatha, aphunzitsi," anatero. "Amene anadzandipepesa anathanso. Ndatsala ndi dzina lokha, ngati chikho cha mowa umene anamwa ena." Kenako, ngati munthu amene wakumbukira ntchito yake, analoza dothi long'alukalo ndi ndodo n'kunena mawu awiri aja, akukweza "a" woyamba, ndipo ine ndekha ndi amene ndinaseka.

Chaka chino mdzukulu wawo wamkazi wabwera kudzakhala nafe ku Balaka kuti aphunzire. Bambo ake, mwana wachitatu wa amalume, anakula akutchedwa mwana wa Che Madzi, ndipo pokamulembetsa mtsikanayu sukulu sanaganize kawiri. Tsiku lina madzulo ndinatola kope lake la masamu pamkeka. Pachikuto, m'zilembo zazikulu zosamalidwa bwino, analemba dzina lake, ndipo pambuyo pake: Madzi. Akadzakwana zaka 16 adzaima pamzere, ndipo dzina limene linabadwira pa bawo m'chaka cha njala lidzadindidwa pa khadi, lopanda Che, lopanda abwera, lopanda kamvekedwe. Kalaliki wina adzalifuula pa windo, ndipo mwina mphwake wina adzaliona pafoni n'kudabwa kuti ameneyu ndiye ndani. Ndinamuitana kuti ndimufotokozere. Anabwera akupukuta manja, n'kugwada pakhomo. "Mwandiitana, bambo aakulu?" Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona kuti nkhaniyi si yanga, ndiponso kuti m'kamwa mwanga ituluka ngati phunziro, yokhala ndi mutu ndi mfundo zake. Ndinangomuuza kuti tchuthi chikubwerachi tipitira limodzi kwa Mposa, ndipo akakafika akawafunse agogo ake za ng'ombe imene ankaimwetsa mu 1995.

"Agogo anali ndi ng'ombe?" anafunsa.

"Imodzi," ndinatero. "Ukawafunse pamene pali anthu, kuti akwiye pang'ono."